Ubwana ndi maphunziro a John Chilembwe

Ntchito ya Histore, Fomu 2

Aphunzitsi anati aliyense asankhe mtsogoleri mmodzi yemwe anamenyera ufulu wa dziko lino, alembe za ubwana wake ndi sukulu yake basi, za nkhondo ndi ndale tizisiye kaye. M'kalasi mwathu pafupifupi aliyense wathamangira kwa Kamuzu, ine ndasankha a John Chilembwe, ndipo chifukwa chake ndi mayi awo. Mayiwo anali Mmang'anja, mtundu wathu womwewu wa kuno ku chigwa cha Shire, ndiye nkhope ija timaiona pa K500 ndi pa K2000 ija kwa ine ndi ya mbale ndithu, olo kuti ndalamayo siichedwa m'thumba mwanga.

A Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano m'boma la Chiradzulu. Bambo awo anali Myao, dzina lawo limatchulidwa kuti Kaundama, mayi awo a Nyangu, ndipo mbiri imati mayiwo anachita kugwidwa ukapolo pa nkhondo. Apa ndi pofunika kumvetsa nthawi yake. Zaka zimenezo Ayao anali atalowa m'mapiri a Chiradzulu, Zomba ndi Mulanje komwe kale kunkakhala Amang'anja, midzi inkawotchedwa, anthu ankagwidwa nkukagulitsidwa kwa amalonda ochokera kunyanja yamchere, ena nkuthawira kuno kumunsi m'mbali mwa Shire. Ndiye mwanayu anakula akudziwa ukapolo osati ngati mutu wa m'buku momwe tikuuphunzirira ifemu ayi, koma ngati nkhani ya mayi ake omubereka, munthu yemwe ankamuphikira nsima tsiku ndi tsiku. Dzina la John linabwera pambuyo, ali mwana ankatchedwa Nkologo.

Pamene ankabadwa kunalibe boma la atsamunda, kunalibe ngakhale sukulu imodzi m'dera lonselo. Mishoni ya Blantyre ya mpingo wa ku Scotland inayamba mu 1876, iwo ali kamwana ka zaka zisanu, ndipo Angerezi analengeza kuti dziko lino lili pansi pawo mu 1891 a Chilembwe ali kale mnyamata wamkulu. Sukulu anaiyamba mochedwa, cha m'ma 1890, pa sukulu ya mishoni ya Blantyre yomweyo. Tikawerengera ndiye kuti anali ndi zaka pafupifupi 19 akuyamba kumene ma a e i o u, msinkhu woti masiku ano munthu walemba kale mayeso a Fomu 4, mwinanso anzake amamuseka akabwera mu yunifolomu. Zophunzira zake zinali kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono, Baibulo ndi kachingerezi kongoyambira, ndipo chinenero chomwe amishoniwo ankagwiritsa ntchito kwambiri chinali Chimang'anja, moti mkulu wa mishoniyo a David Clement Scott anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Tchalitchi chachikulu chija cha St Michael and All Angels chinkamangidwa nthawi yomweyi, kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo njerwa zake ankaumba ndi kuwotcha anthu akuda. Pa sukuluyi a Chilembwe sanapite patali, anangotola zochepa, koma zochepazo ndi zomwe zinawapezera ntchito.

Mu 1892 kunabwera mzungu wina wosiyana ndi anzake, dzina lake Joseph Booth. Anabadwira ku Derby ku Mangalande mu 1851, anakhalako ku New Zealand ndi ku Australia, mkazi wake atamwalira ananyamuka kubwera ku Africa ndi kamwana kake kakakazi Emily ka zaka 9. Nthawi imeneyo njanji kunalibe (ya kuchokera ku Port Herald, yemwe ndi Nsanje yathuyi, kukafika ku Blantyre inatha mu 1908), ndiye wobwera m'dziko muno ankalowera ku Chinde, nkukwera sitima ya pamadzi mu Zambezi, kukhotera mu Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa, kenako nkukwera mapiri wapansi kapena pa machila. Anthu amaiwala zoti chigwa chathu chotenthachi ndiye chinali khomo la dziko lonse, lero tingotchuka ndi kusefukira kwa madzi basi.

A Chilembwe anapita kwa Booth kukapempha ntchito yophika, atanyamula kakalata kolembedwa m'Chingerezi chothyokathyoka, ndipo anawalemba. Ntchito yake inali ya m'nyumba, kuphika, kutunga madzi, kusamalira Emily makamaka akadwala malungo, ndipo Emily yemweyo atakula analemba za iwo ngati munthu wodekha, wachifundo ndi wofunitsitsa kuphunzira. Ine ndikuona kuti sukulu yawo yeniyeni inali kukhitchini kumeneku, osati ya mishoni ija. Chingerezi anachinola pomva ndi kuyankhula tsiku lonse mpaka anasanduka womasulira wa Booth, ndiye taganizani, chilichonse chomwe Booth ankafuna kuuza anthu chinkadutsa kaye pakamwa pa a Chilembwe, munthu sangamasulire mawu zaka zisanu osawameza ena mwa iwo.

Ndipo mawu a Booth sanali ozizira. Anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi kufupi ndi Blantyre, ganizo lake linali loti mishoni izidzidyetsa yokha polima khofi ndi ntchito zamanja m'malo modikira thandizo lakunja, komanso ankalipira antchito ake ndalama zambiri kuposa azungu a m'maesiteti, zomwe zinamudanitsa ndi azungu anzake kuphatikizapo amishoni a ku Blantyre. Ankanena poyera kuti kulanda malo a anthu akuda nkulakwa, kuti munthu wakuda ndi mzungu ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndipo mfundo yake yotchuka inali yoti Africa ikhale ya Aafirika. Zonsezi zinkanenedwa nthawi yomwe boma linali litayamba kutolera msonkho wa nyumba ndipo azungu atatenga malo akuluakulu ku mapiri a Shire, anthu nkumagwira thangata pa nthaka yomwe makolo awo ankalima. A Chilembwe anabatizidwa ndi Booth pa 17 Julaye 1893, ubatizo womiza m'madzi monga amachitira a Baptist, ndipo anali m'gulu la oyambirira enieni kubatizidwa pa mishoniyo. Chimodzi chomwe sanatengere kwa bwana wawoyo ndi ichi, Booth ankadana ndi nkhondo ya mtundu uliwonse ndipo sankafuna zogwira mfuti, koma zimenezo ndi za 1915, aphunzitsi anati tisafikeko.

Mu 1897 Booth anawatenga ulendo wa ku America. Apa ndimayesa kuganiza momwe zinalili, mnyamata wa ku Chiradzulu yemwe madzi aakulu omwe ankawadziwa ndi a Shire, kukwera sitima masabata angapo osaona mtunda, ife kungowoloka pa bwato kupita tsidya lina madzi akadzadza timagwira m'mphepete mwa bwato mpaka zala kuwawa. Atafika kumeneko awiriwa anasiyana mwamtendere, a Chilembwe anatengedwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, ndipo m'busa Lewis G. Jordan, yemwe anali mlembi woona za mishoni zakunja, ndi amene anawakonzera za sukulu ndi fizi yake. Anakalowa pa Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg, koleji yaing'ono ya anthu akuda yomwe mkulu wake anali Gregory Hayes, nayenso munthu wakuda wosagonjera azungu, yemwe ankalimbikira kuti sukulu za anthu akuda ziziyendetsedwa ndi eni ake. Kolejiyi ilipobe, pano imatchedwa Virginia University of Lynchburg.

Kumeneku anaphunzira za ubusa ndi Baibulo kwa zaka ziwiri ndi kanthu, koma zomwe anaona ndi maso ndikukhulupirira kuti zinaposa za m'kalasi. Ukapolo ku America unali utathetsedwa mu 1865, ndiye ambiri mwa anthu omwe ankapemphera nawo anali oti iwo eni kapena makolo awo anali akapolo, ndendende nkhani ya mayi Nyangu. Anthu omwewo tsopano anali ndi matchalitchi awoawo, makoleji, nyuzipepala, aphunzitsi ndi abusa ovala masuti, popanda mzungu woimirira kumbuyo kwawo. Kwawo ku Blantyre munthu wakuda olo ataphunzira bwanji ankathera pa uphunzitsi waung'ono kapena ukapitawo, ndipo akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa. Koma ku America komweko kunalinso mbali yonyansa, tsankho linali lovomerezeka ndi lamulo, khoti lalikulu la dzikolo linali litagamula mu 1896 kuti kulekanitsa akuda ndi azungu m'masitima nkololedwa, ndipo m'zigawo za kummwera anthu akuda ankaphedwa ndi magulu a azungu popanda mlandu kuzengedwa. Virginia yemweyo ndi komwe John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo, anaukira mu 1859 ku Harpers Ferry, tauni yomwe nthawiyo inali mbali ya Virginia, pofuna kumasula akapolo, nkumangidwa nkunyongedwa. Munthu wokhala zaka ziwiri pakati pa ophunzira akuda a kumeneko nkhani zoterezi sakanalephera kuzimva.

Tikaphatikiza zonse, zaka zomwe a Chilembwe anakhala pa desiki ndi zochepa kwambiri, mwina sizifika ndi za pulayimale yathuyi, ndipo nditazindikira zimenezi ndinadabwa chifukwa pa chithunzi chija amaoneka ngati pulofesa. Anabwerera kuno mu 1900 ali m'busa wodzozedwa, zaka zawo zili pafupifupi 29, mothandizidwa ndi National Baptist Convention yomwe ija, nkupeza malo ku Mbombwe m'boma lakwawo la Chiradzulu komwe anayambitsa Providence Industrial Mission, yomwe timangoti PIM. Mu 1901 kunabwera m'busa Landon Cheek, chaka chotsatira kunabwera mayi Emma DeLany, onse anthu akuda a ku America, kudzathandiza pa mishoniyo. Mayi DeLany ankaphunzitsa azimayi ndi atsikana kusoka, ndipo a Chilembwe, omwe anayamba a e i o u ali ndi ndevu, anatsegula sukulu zawozawo zomwe ana a m'midzi ya ku Chiradzulu ankalowa akadali aang'ono.