Kafotokozedwe ka chithunzi cha bambo ali pa makina osokera, Lilongwe, 1986

Achimwene, chithunzi chija ndachitumiza ngati fayilo kuti Watsapu isachifinye. Madzi anadya ngodya yam'munsi ndipo nkhope inafufuma, choncho ndalemba zonse zimene zikuoneka ndikachiyang'ana pawindo masana. Pomasulira m'Chingerezi kuti mulowetse mu pulogalamu yanu yopanga zithunziyo, musafupikitse ndipo musawonjezere zokometsera. Paliponse pamene ndalemba kuti kumanja kapena kumanzere ndikunena mbali ya munthu woyang'ana chithunzi. Pamene ndikunena mbali ya thupi la bambo ndatchula kuti "lawo" kapena "kwawo".

Chithunzicho n'chogona, masentimita 15 m'litali ndi 10 m'lifupi, chakalakala koma chofwifwa, ndipo zonse zapendekera ku mtundu wofiirira monga zimachitira zithunzi zakale. Wojambula anaima mumsewu, pafupifupi mamita atatu kuchokera pa makina, kamera ili pamaso pake iye ataimirira, motero bambo tikuwaona chapamwamba pang'ono. Thupi lonse likuoneka, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Munthu wake ndi mwamuna mmodzi, Mmalawi, wazaka pafupifupi 45, wochepa thupi, wamapewa opapatiza. Khungu ndi lakuda bii, lonyezimira pang'ono pamphumi ndi pamphuno chifukwa cha thukuta. Apa ndiye mugwirepo mtima, chifukwa mapulogalamu amenewa amakonda kuyeretsa munthu ndi kumusalaza ngati wodzola mafuta a m'sitolo. Khungu likhale lakuda momwemo, makwinya awiri opingasa pamphumi akhalepo, ndi mizere yozama yotsika kuchokera m'mbali mwa mphuno kufika kukamwa. Nkhope ndi yaitali, masaya olowa, chibwano chosongoka chometedwa bwino, ndevu zochepa pamlomo wapamwamba pokha. Tsitsi ndi lalifupi kwambiri, dazi layamba mbali zonse ziwiri za mphumi, imvi zili pafupi ndi makutu basi. Magalasi a mafelemu akuda okhuthala atsetserekera kunsonga kwa mphuno, ndipo maso akuyang'ana kamera modutsa pamwamba pa magalasiwo. Pakamwa ndi potseka. Sakuseka, sanakwiyenso, akuoneka ngati munthu amene wamuitana ntchito ili pakati. Mano asaoneke ngakhale limodzi.

Avala shati yoyera yamikono yaitali, yopindidwa kawiri mpaka pansi pa zigongono, batani lapakhosi lomasula, opanda tayi. M'thumba la pachifuwa chakumanzere kwawo, lomwe pachithunzi lili kumanja, mukutuluka cholembera chimodzi, ndipo pamwamba pa thumbalo pali kabaji kozungulira kakang'ono ngati khobidi. Ndi baji ya Kamuzu imene amuna ambiri ankavala nthawi imeneyo, koma pachithunzi ndi kadontho chabe, choncho kakhale kadontho, musaikemo nkhope. Tepi yoyezera yachikasu yakolekedwa m'khosi, nsonga yakumanja yatsika kuposa inzake. Thalauza ndi yotuwa, yositidwa mpaka mzere kuoneka.

Akhala pampando wathabwa wopanda choyedzamira, msana kukhoma, nkhope kumsewu, makina ali pakati pa iwo ndi kamera. Msana wawerama pang'ono kutsogolo koma mutu adzutsa, wapendekera pang'ono kuphewa lawo lamanja. Dzanja lawo lamanja lili pa gudumu laling'ono la makina, zala zinayi pamwamba pake, chala chachikulu chobisika kuseri. Popeza makina tikuwaona chakumbuyo, gudumulo lili kumanzere kwa chithunzi ndipo singano ili kumanja. Zikatembenuka, telala aliyense amene adzabwere kumwambo wa chiliza adzaseka. Dzanja lawo lamanzere lagona chafufumimba pansalu pafupi ndi singano, zala zisanu zotambasuka, wotchi yachitsulo pamkono. Muwerenge zala pachithunzi chilichonse chimene chituluke musananditumizire.

Mapazi alibe nsapato. Onse awiri ali pachopondera, lawo lamanja patsogolo pang'ono, ndipo akuoneka kudzera m'mipata ya miyendo yachitsulo ya tebulo. Nsapato zakuda zazingwe azivula n'kuziika moyandikana pansi, kumanja kwa tebulo. Pamenepa ndi pamene madzi anadya. Nsapato imodzi ikuoneka theka lokha, inayo muimalize mofanana ndi inzake, koma pamalo otsalawo pakhale simenti yokha.

Makina ndi a Singa akale, akuda, opondera ndi mapazi, opanda waya wamagetsi aliyense. Maluwa agolide a pathupi pake anafufutika, kwatsala timizere. Pulogalamu isayese kulemba dzina, imasokoneza zilembo. Pamwamba pali ulusi woyera umodzi. Lamba wachikopa wowonda watsika kuchokera pa gudumu laling'ono kulowa m'tebulo mpaka pa gudumu lalikulu lapansi, lomwenso lili kumanzere. Tebulo ndi lathabwa labulauni, m'mphepete mwake moperepeseka. Nsalu imene akusoka ndi ya buluu wowala, yopanda maluwa, ya yunifolomu ya sukulu, ndipo yalendewera kutsogolo kwa tebulo chakumanja ngati chikhatho chimodzi. Patebulo pali sizasi yaikulu yotseka ndi kachidutswa ka choko.

Malo ake ndi khonde la sitolo ku tauni yakale, Eriya 2, kufupi ndi msika waukulu, osati ku Kapitolo kwa nyumba zosanja. Pansi ndi simenti yofiira yong'aluka, sitepe imodzi kutsikira kufumbi. Khoma lakumbuyo ndi la laimu woyera kumtunda, m'munsi mwake penti yobiriwira yofika m'chiuno mwa munthu, yosupuka apo ndi apo. Kumanzere, kuseri kwa phewa lawo, kuli chitseko chathabwa chotsekula, mkati muli mdima wokhawokha. Pakhoma pamwamba pa mutu pali chingwe chopingasa, chapachikidwa zitenje zitatu zopinda ndi diresi imodzi yamwana. Denga ndi lamalata, likungooneka mlomo wake pamwamba penipeni. Nsanamira imodzi yachitsulo yaima kumanja, ndipo njinga yakapalasa yakuda yatsamira pamenepo, tikuona gudumu lakutsogolo ndi mahandulo okha.

Kupyola nsanamirayo, kachigawo kakang'ono ka kumanja kwenikweni, kukuoneka msewu patali mosaoneka bwino: mtengo wa jakaranda uli ndi maluwa apepo, ndiye kuti inali nyengo ya Seputembala kapena Okutobala, mayi mmodzi wovala chitenje ndi duku atasenza dengu, watifulatira, ndi kumbuyo kwa basi ya UTM. Ndikunena kampani ya mabasi ya nthawi imeneyo, osati chipani cha lerochi, ndipo zilembo zake sizikuwerengeka. Zonsezi zikhale zachimbuuzi, diso lisakokedwe nazo.

Kuwala n'kwa m'mawa, cha m'ma 9 koloko. Dzuwa likuchokera kumanja, lagunda pansi pa khonde, nsapato ndi miyendo ya tebulo, koma nkhope ili mumthunzi wa denga. Mithunzi yagwera kumanzere. Kulibe fulashi.

Za masiku ano zisalowemo: njinga zamoto za kabaza, foni, makoma opentedwa zotsatsa za makampani a foni, majumbo apulasitiki, mayi wovala thalauza, popeza lamulo la 1973 loletsa zimenezo linali likugwirabe ntchito. Musawonjezere anthu, bambo musawaveke jekete, musakonze ming'alu.

Chotuluka chikhale chogona, 3:2 monga choyambacho, chooneka ngati chojambulidwa ndi kamera ya filimu, osati chopenta. Tidzasindikiza pa A3, ndiye mbali yaitali ifike mapikiselo 4961. Mizere yoyera imene itsale pamwamba ndi pansi tidzalembapo dzina ndi zaka. Munditumizire zinayi pofika Lachitatu kuti amayi asankhe okha, popeza mwambo wa chiliza ndi Loweruka la sabata yamawa. Akanena kuti nkhope si ya bambo, tibwerezanso nkhope yokhayo, zina zonse osakhudza.

Ine kasitomala wanu wa ku Kawale