Kalata yochitira umboni Tamandani Mukhuna

Migowi, Phalombe
10 Febuluwale 2025

Kwa Akuluakulu a Komiti Yosankha Ophunzira,
Yunivesite ya EARTH, Kosta Rika

Okondedwa Akuluakulu,

Ndikulemba kalata ino pochitira umboni Tamandani Mukhuna, yemwe wapempha thandizo la Mastercard Foundation kuti adzaphunzire zaulimi kumeneko. Ndine mphunzitsi wa zaulimi ndi bayoloje pasukulu ya sekondale yoyendera kuno ku Migowi, ndipo mtsikanayu wadutsa m'manja mwanga kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4.

Pamayeso a MSCE a 2024 adapeza mapointi 11, ndipo zaulimi ndi bayoloje adakhoza ndi 1. Muwawerenge mapointi amenewa podziwa kuti sukulu yathu ilibe labotale, buku limodzi amagawana ana asanu, ndipo iye ankabwera wapansi kuchokera kumudzi tsiku ndi tsiku. Namondwe wa Freddy atagwa m'Malichi 2023, munda wa amayi ake udakwiririka ndi mchenga, banja lonse nkukakhala kumsasa. Sukulu itatsekulidwanso, Tamandani adali m'gulu loyamba kubwerera, makope ake atachita kuwayanika padzuwa.

Koma chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi ntchito yake kumunda wa sukulu. Titaphunzira za manyowa a Mbeya, anzake adangolemba m'makope. Iye adafunsa ngati nzoona kuti feteleza wochepa wosakaniza ndi madeya, phulusa ndi ndowe angapikisane ndi feteleza yekhayekha. Ndidamuuza kuti ayese. Adagawa mizere ya chimanga patatu, nasunga chosakanizacho m'thumba lomanga bwino masiku 21, ndipo Lachisanu lililonse ankayeza mapesi ndi chingwe nkulemba. Mzere wina mbuzi zitaudya, sadabise kapena kupeka manambala. Adalemba kuti mzerewo usawerengedwe, nafotokoza chifukwa chake. Kwa ine mwana wotere ndiye woyenera sayansi. Zotsatirazo adakazifotokoza yekha kwa amayi a ku banki mkhonde ya m'mudzi mwawo, mu Chilomwe ndi Chichewa, ndipo ena mwa iwo chaka chino apanga manyowawo.

Ndi mtsikana wofatsa, sayamba kuyankhula pagulu, koma akafunsidwa amayankha molunjika. Za Chisipanishi chimene mumaphunzitsira sindikuda nazo nkhawa, poti Chingerezi adachilimbikira yekha, kumvera wailesi ndi kubwereka mabuku kwa aphunzitsi.

Bambo ake adamwalira ali ku pulayimale. Amayi ake amagulitsa nandolo ndi tomato pamsika, ndipo fizi ya kusekondale kuno inkachita kusonkhedwa ndi achibale. Popanda thandizo lanu lonse, ulendo umenewu sangaukwanitse.

Cholinga chake nchakuti akamaliza adzabwerere kudzagwira ntchito ya ulangizi pakati pa alimi a kuno, makamaka pa zobwezeretsa chonde m'minda imene madzi adakokolola. Ndikumuvomereza ndi mtima wonse, ndipo ndikukupemphani kuti mumuganizire.

Ine wanu,

Esinala Chikopa (Mayi)
Mphunzitsi wa Zaulimi ndi Bayoloje