Kalata ya mkonzi kwa alembi asanu a buku la kasamalidwe ka nthaka

Okondedwa alembi anzanga,

Ndamaliza kulumikiza mitu isanu ndi itatu imene munanditumizira, ndipo tsopano ili m'chikalata chimodzi chotchedwa Buku_lonse_2.docx. Nditawerenga kuchokera pachiyambi mpaka pamapeto, ndaona kuti mfundo zathu zikugwirizana bwino, koma kalembedwe kakusiyana kwambiri moti mlimi kapena mlangizi amene adzatenge bukuli adzazindikira msanga pamene cholembera chachoka m'dzanja la uyu kupita m'dzanja la uyo. Zimene ndasintha ndi izi, pamodzi ndi zifukwa zake.

Pa kalembedwe ka mawu ndatsata malamulo a Chichewa Board, amene anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Choncho "r" ikubwera pambuyo pa "e" ndi "i", pamene "l" ikubwera pambuyo pa "a", "o" ndi "u": tikulemba "kulimira", "mizere" ndi "fetereza", osati "kulimila", "mizele" kapena "feteleza". Tikulumikiza "ku", "pa" ndi "mu" ku mayina wamba, monga "kumunda" ndi "m'dimba", koma tikuwapatula pa mayina a malo, monga "ku Dedza". Mnzathu wa ku Chipata analemba mutu wachisanu m'kalembedwe ka ku Zambia, mmene "chimanga" chimalembedwa "cimanga". Kumeneku si kulakwitsa ayi, koma popeza bukuli lidzasindikizidwa ndi kuwerengedwa makamaka ku Malawi, ndabwezeramo "h" ponseponse, ndipo mawu ake ena ndawasiya mmene analili.

Nkhani ya nthawi ya aneni ndiyo inandidyera masiku ambiri. Ena a inu mumalemba "anakumba", ena "adakumba", ndipo m'mutu wachiwiri mitundu yonse iwiri inapezeka m'ndime imodzi. Ndasankha "-na-" pofotokoza zimene zinachitika kale, osati chifukwa "-da-" ndi wolakwika, koma chifukwa anayi mwa inu munalemba motero ndipo kusintha kunachepa. Malangizo opita kwa mlimi onse ali m'mawu olamula aulemu: "kumbani", "thirani", "kwirirani". Ndachotsa "mlimi ayenera kukumba" ndi "tidzakumba", chifukwa munthu amene waima m'munda ndi khasu akufuna kumva kuti akulankhula naye iyeyo.

Mawu a ntchito yathu ndiwo akufunika kuti muwaonetsetse, pakuti pamenepa kusintha liwu kungasinthenso tanthauzo. M'mutu wachitatu "manyowa" akutanthauza ndowe za ziweto zokha, pamene m'mutu wachinayi liwu lomwelo likuimira zinyalala zowoleretsa m'dzenje. Wowerenga akanaganiza kuti mlingo umene waperekedwa m'mutu umodzi ukugwiranso ntchito m'mutu winawo. Tsopano tikunena "manyowa a khola" ndi "manyowa a kompositi", ndipo "manyowa" paokha akutanthauza mitundu yonse iwiri. Pakati pa "kubzala" ndi "kudzala" ndatenga "kubzala", chifukwa chiganizo chakuti "dzenje likadzala, dzalani mtengo pambali pake" chinandiimitsa ine ndemwe kuti ndiwerengenso kawiri. Tasunga "akalozera", "vetiva" ndi "ntchemberezandonda" popeza ndi mawu amene alimi amamva kwa alangizi ndiponso pawailesi, ndipo lililonse likumasuliridwa kamodzi kokha, pamene layamba kuonekera.

Miyezo yonse ili m'manambala, ndipo mayina ake alembedwa mokwanira: mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25. Malo tikuyeza m'maekala, chifukwa ndi mmene alimi athu amawerengera minda yawo, ndipo pamene mlembi anatchula mahekitala ndasintha powerengera kuti hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.5. Ndikupempha mlembi wa mutu wachisanu ndi chimodzi kuti aonenso masamu a m'tebulo lake lachiwiri, chifukwa sindinafune kukhudza milingo ya fetereza popanda chilolezo chake.

Miyambi ndaisiya pamene ikuthandiza mfundo, koma "tsoka sasimba" unapezeka katatu m'mitu itatu yosiyana, ndipo ndausiya m'mutu woyamba mokha. Ndafupikitsanso mawu oyamba a mitu iwiri imene inabwereza kufotokoza kukokoloka kwa nthaka ngati kuti nkhaniyo sinakambidwe kale.

Zonse zimene ndasintha zikuoneka kudzera mu Track Changes. Chonde musazimitse chida chimenechi, ndipo musatsegule chikalata china chatsopano. Pamene simukugwirizana nane, lembani ndemanga pambali ya chiganizocho m'malo mobwezera mawu akale mwakachetechete, kuti tisayambenso kukhala ndi mabuku asanu m'chikuto chimodzi. Aliyense awerenge mutu wake ndi mutu wotsatira, ndipo anditumizire ndemanga zake pofika Lachisanu la sabata yamawa. Pambuyo pake ndidzapereka bukuli kwa alangizi awiri amene sanalionepo kuti aliwerenge mokweza pamaso pa alimi.

Ine wanu pa ntchitoyi,
Mkonzi wa bukuli