Malamulo a makolo pabwalo la mpira wa ana ku Kawale

Makolo anzathu, malamulo awa tinagwirizana pamsonkhano wa Loweruka lapitali. Akukhudza aliyense wobwera kudzaonerera matimu athu a ana a zaka zosaposa 12 ndi zosaposa 14, kaya ndinu bambo, mayi, agogo kapena amalume. Chomwe chatifikitsa apa mukuchidziwa. Masewero athu ndi alendo aja anathera panjira kutatsala mphindi 10, akuluakulu atalowa m'bwalo kukalimbana ndi oyimbira pa nkhani ya penate, ndipo ana anabwerera kunyumba akulira.

1. Tizimanga chingwe mamita 3 kuchokera pamzere, mbali ya kumsewu. Malo a kholo ndi kuseri kwa chingwecho. Mbali inayo ndi ya makochi ndi osewera. Kuseri kwa golo kusaime munthu, goloboyi amasokonezeka. Chigoli chikalowa vinani pomwe mulipo, osathamangira m'bwalo. Ife a mu Lilongwe sitinaiwale za pa 6 Julayi 2017 ku bwalo la Bingu, pomwe anthu 8 anafa pa mpanipani wa pachipata, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu akayamba kukankhana, woyamba kupondedwa ndi mwana.

2. Oyimbira asatukwanidwe, asaopsezedwe, asatsatidwe masewero akatha. Anyamata amene amatiimbira ndi ana asukulu a fomu 3 ndi fomu 4, ndipo chomwe timawapatsa ndi ya minibasi basi. Adzalakwitsa ndithu, monga amalakwitsira ngakhale oyimbira a mu ligi yaikulu, koma Lamulo 5 la mpira limati chigamulo cha oyimbira pa zochitika m'bwalo n'chomaliza. Komanso, kunena mosapsatira, zambiri zomwe timakuwa sizikhala zoona. Palibe ofusayidi mwana akalandira mpira woponyedwa ndi manja kuchokera kunja, wa pakona, kapena womenyedwa kuchokera pagolo utatuluka. Tsiku lija bwalo lonse linakuwa ofusayidi pa mpira woponyedwa ndi manja. Dziwaninso kuti kuyambira 2019 oyimbira amatha kuonetsa kochi khadi lachikasu kapena lofiira, ndipo anthu akunja akasokoneza ali ndi mphamvu yoimitsa masewero. Dandaulo lililonse lipite kwa mlembi wa komiti mawa lake, mitima itazizira.

3. Kochi ndi mmodzi. Iye akauza mwana kuti apatsire, inu n'kumakuwa kuti "menya!", mwanayo amvera ndani? Funso lakuti bwanji wanga sakulowa lifunsidwe Lachitatu popanga masewero olimbitsa thupi, osati mpira uli mkati. Komiti yagwirizana ndi makochi kuti mwana aliyense wobwera mokhulupirika azisewera mphindi zosachepera 15.

4. Chemererani, imbani, ululuzani. Koma mawu onyoza mwana, wanu kapena wa timu ina, ayi: za thupi lake, mtundu wake, chipembedzo, nsapato zong'ambika, zonsezo sitizifuna. Ndipo zakuti mpira si wa atsikana zisamvekenso pabwalo pano. Tabitha Chawinga anasewerapo mumzinda uno asanapite kunja, mng'ono wake Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya amayi ya ku Amerika mu 2024, ndipo timu ya dziko ya amayi inatenga chikho cha COSAFA mu 2023.

5. Mwana asamenyedwe kapena kumanidwa nsima chifukwa waphonya penate. Tikamva zotere tidzabwera kunyumba kudzakambirana nanu, ndipo zikapitirira tidzaimba 116, nambala yothandiza ana.

6. Mowa, chamba ndi kubetcha pa masewero a ana n'zoletsedwa. Zokwirira zinthu pagolo kapena kumangirira mwana chithumwa chamasewero, zisiyeni kunyumba.

7. Mwana abwere atadya, ali ndi botolo lake la madzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo. Akavulala, dikirani oyimbira akuitaneni. Wagunda mutu n'kumachita chizungulire kapena kusanza sabwereranso m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale inu kholo mutanena kuti ndi wolimba. Apite kuchipatala.

8. Musaike chithunzi cha mwana wa eni pa Facebook kapena WhatsApp makolo ake asanavomere.

Masewero aliwonse padzakhala makolo awiri ovala malaya achikasu oyang'anira chingwe. Wophwanya malamulowa adzachenjezedwa kamodzi. Kachiwiri adzapemphedwa kuchoka pabwalo, ndipo sadzaonerera masewero awiri otsatira. Wogwira oyimbira kapena mwana, nkhani yake ipita kupolisi, ndipo sadzafikanso pabwalo chaka chonse. Mwana wake azisewerabe, chifukwa wolakwa si iye.

Malamulowa ayamba kugwira ntchito Loweruka likubwerali. Buku losainira lidzakhala patebulo la mlembi kuyambira 8 koloko m'mawa.

Komiti ya makolo