Mafunso Oyeserera: Mzere wa Chiwongoladzanja cha Mabondi a Boma

Ophunzira a chaka chachiwiri, yankhani mafunso anayiwa musanasuzumire mayankho ali m'munsiwo. Mzere tikunenawu ndi uja timajambula posonyeza chiwongoladzanja cha bondi iliyonse malinga ndi nthawi imene yatsala kuti boma libweze ndalamazo.

1. Bondi ya miyezi 3 ikupereka 3 peresenti, ya zaka 2 ikupereka 4, ya zaka 10 ikupereka 5. Mzerewu ndi
A. wokwera
B. wozondoka
C. wathyathyathya
D. wa linunda pakati

2. Mzere ukazondoka, kutanthauza kuti mabondi a nthawi yaitali akupereka chiwongoladzanja chochepa kuposa afupiafupi, anthu a pamsika amakhala akuyembekezera kuti
A. mitengo ya zinthu ikwera kwambiri
B. boma lilephera kubweza ngongole
C. chuma chifooka ndipo banki yaikulu itsitsa chiwongoladzanja
D. palibe chimene chisinthe

3. Bondi ya chaka chimodzi ikupereka 6 peresenti, ya zaka 2 ikupereka 5 peresenti pachaka. Potsata chiphunzitso cha ziyembekezo, bondi ya chaka chimodzi idzapereka pafupifupi zingati chaka chamawa?
A. 7
B. 5.5
C. 5
D. 4

4. Chiphunzitso cha ziyembekezo pachokha chimalephera kufotokoza
A. chifukwa chake ziwongoladzanja zimakonda kukwera kapena kutsika limodzi
B. chifukwa chake mzere umakhala wokwera nthawi zambiri
C. chifukwa chake mzere umazondoka
D. zonsezi

Mayankho

1. A.

2. C. Munthu savomera phindu lochepa pa zaka 10 pokhapokha akuona kuti phindu la mabondi afupiafupi litsika posachedwa. Ku America mzere unazondoka mu 2000 ndi mu 2006, ndipo chuma chinalowa pansi mu 2001 komanso kumapeto kwa 2007. Koma chonde musalembe kuti kuzondokako ndi kumene kumagwetsa chuma. Ndi chizindikiro chabe, ndipo sichinena tsiku: mzere unazondokanso mu 2022, koma chuma cha America chinakulabe mu 2023.

3. D. Funso ili ndi limene ndikufuna mulimvetse bwino. Tangoganizani muli ndi ndalama zoti musunge zaka ziwiri. Mutha kugula bondi ya zaka 2, kapena ya chaka chimodzi n'kudzagulanso ina ikatha. Chiphunzitsochi chimati njira ziwirizi ziyenera kupereka phindu lofanana, apo ayi aliyense athamangira kumodzi mpaka mitengo isinthe. Choncho (6 + x) / 2 = 5, ndiye kuti x = 4. Amene mwasankha B mwangotenga pakati pa 6 ndi 5, pamene 5 ndiye ali kale pakati.

4. B. Zikanakhala ziyembekezo zokha, mzere ukanamazondoka kawirikawiri monga momwe umakwerera. Chikusowa n'chakuti wobwereketsa kwa nthawi yaitali amafuna kangachepe kowonjezera, popeza mtengo wa bondi yaitali umagwa kwambiri chiwongoladzanja chikakwera.