Malangizo kwa a zamagetsi pa mapampu a kunyanja, Nkhotakota: kuika ndi kukonza siteshoni za PROFIBUS DP

Anzathu a mashifiti onse, panelo yatsopano ya pampu 4 yalumikizidwa ku PLC kudzera pa kebulo yapepo ya PROFIBUS DP. Musanaikhudze werengani izi.

Siteshoni iliyonse ili ndi adiresi yakeyake, kuyambira 0 mpaka 125. Nambala 126 ndi yomwe zipangizo zambiri zimabwera nayo zikadali zatsopano, ndipo 127 ndi youlutsira uthenga kwa onse, choncho musaikire pampu ziwirizi. Kuno PLC ndi 2, pampu 4 ndi 14. Mukasintha timasiwichi ta adiresi, zimitsani siteshoniyo n'kuyatsanso, chifukwa imawerenga nambalayo poyaka pokha. Adiresi ya pa kebulo si imodzi ndi ya mu pulogalamu: siteshoni 14 ikhoza kukhala ndi zolowa zoyambira pa I 40.0.

Fayilo ya GSD ndiyo imauza PLC kuti chipangizocho ndi chamtundu wanji, chimathamanga liwiro lanji ndiponso chimalandira mamodyulo ati. Tengani ya kwa wopanga chipangizocho, yogwirizana ndi nambala yolembedwa pa thupi lake. Ident_Number ikasiyana, siteshoni imakana ndipo mudzaona Prm_Fault. Mukasanja mamodyulo pa kompyuta mosiyana ndi mmene akhalira mu panelo, mudzaona Cfg_Fault. Izi si za kebulo ayi, musaivule pachabe.

Koma mavuto ambiri, makamaka nyengo ya mvula ndi mphenzi, ali pa waya. Nyali ya BF, yosonyeza vuto la kulumikizana pa kebulo, ikayaka, yambani mwaona kuti siteshoni zomwe zasowa ndi ziti. Ikakhala imodzi, onani magetsi ake a 24 V, adiresi ndi pulagi. Zikasowa zonse kuyambira pamalo ena kupita kumapeto, kebulo yaduka pamenepo (makoswe a m'minda ya nzimbe timawadziwa tonse), kapena wina waika ON temineta ya pa pulagi yapakati, yomwe imadula mbali yotulukayo.

Temineta ikhale ON kumapeto kuwiri kwa kebulo basi, ndipo imadya 5 V kuchokera ku siteshoni yomwe yalumikizidwapo. Ndiye mukazimitsa panelo yomaliza pokonza mota, musadabwe siteshoni zina zikayamba kugwa. Poyeza, zimitsani zonse, ikani mita pakati pa waya wobiriwira A pa pini 8 ndi wofiira B pa pini 3. Muyenera kupeza pafupifupi maomu 110. Mukapeza cha m'ma 220, temineta imodzi palibe kapena waya waduka. Akachepa kwambiri, matemineta achuluka kapena mawaya akhudzana.

Pa 1.5 Mbit/s gawo limodzi lisapitirire mamita 200 ndi zipangizo 32, kuwerengera ripita yomwe. Shilidi imangidwe ku ethi pa panelo iliyonse, ndipo chinyontho cha kunyanjachi chimadya zomangirazo, muzizisuzumira. Musanafufute uthenga wa vuto pa PLC, lembani m'buku la shifiti nthawi ndi nambala ya siteshoni.