Zomwe ndakonza m'kalata yako yopempha sikolashipu

Tadala mwana wanga,

Ndawerenga kalata yako pamodzi ndi sivi. Chilankhulo chili bwino, ndipo zolakwika za kalembedwe ndi zochepa, ndazichonga kale. Chomwe chandidetsa nkhawa ndi china: kalatayi ikunena zomwe sivi yanena kale, kungoti m'ziganizo zazitali. A komiti adzakhala ndi mapepala onse awiri patebulo, kuphatikizapo mulu wa makalata a anthu ena. Akaona kuti tsamba lachiwiri likubwereza loyamba, sadzafika nalo kumapeto.

Uyese izi usanapitirire. Phimba dzina lako ndi chala, uwerenge ndime yoyamba mokweza:

"Kuyambira ndili mwana ndakhala ndi chidwi chachikulu chothandiza anthu. Ndine munthu wolimbikira ntchito, wodzipereka, ndipo ndimagwirizana bwino ndi anzanga. Ndikukhulupirira kuti sikolashipu yanu yotchukayi indithandiza kukwaniritsa maloto anga."

Ndi mzamba uti amene sangasaine pansi pa mawu amenewa? Ngakhale wopempha maphunziro a zomangamanga atha kuwatumiza osasintha kanthu. Ndime yonseyo ndaichotsa. Kulimbikira ndi kudzipereka ndi zoti akunenere amene akukulembera makalata a umboni. Ukadzinenera wekha sizilemera.

Ndime yachiwiri ndi yachitatu ndazichotsanso. Chaka chimene unamaliza dipuloma, chaka cha digiri, zipatala zimene wagwirako, masemina amene unapitako, zonsezo zili pa sivi, ndipo kumeneko zikuoneka bwino kuposa m'kalata.

Koma m'ndime yachinayi muli chiganizo chimene unangochiponya ngati chosafunika: "Ndinathandizanso kukonza kasungidwe ka mankhwala m'chipinda chochilira." Apa ndi pamene pali kalata yako. Nkhani imeneyi unandifotokozera pafoni chaka chatha, mawu ako akuchita kunjenjemera, ndipo sivi ilibe malo oikamo zimenezo. Sivi imangoti unali mzamba wamkulu wa usiku. Siinena zimene unaona usikuwo, zimene unaganiza, ndi amene unalimbana nawo kuti zinthu zisinthe. Ndayamba nayo kalata motere:

"Nditayamba kuyang'anira ntchito ya usiku m'chipinda chochilira, ndinapeza timabotolo ta okisitosini tili m'thireyi pafupi ndi zenera. Mankhwalawa ndi amene timabaya mayi akangobereka kuti asataye magazi ambiri, ndipo pakatoni pake panalembedwa kuti asungidwe pa madigiri 2 mpaka 8. Firiji inali ku famase, komwe ankakiya madzulo, choncho azamba ankatengeratu mankhwala ambiri n'kuwasunga m'chipinda chotentha kwa masiku. Panalibe amene ankachita mwadala. Aliyense ankangoopa kusowa mankhwala pakati pa usiku. Ndinakambirana ndi wa ku famase ndi mkulu wa anamwino, ndipo tinagwirizana zoika kulabokosi yokhala ndi choyezera kutentha, ndi kaundula wolembamo posinthana ntchito. Anzanga ena anaona ngati ndikuwawonjezera ntchito, choncho mwezi woyamba kaundulayo ndinkalemba ndekha mpaka anazolowera."

Waona kuti mawu oti "utsogoleri" sanatuluke, koma aliyense wowerenga awona mtsogoleri. Chilengezo cha sikolashipuyi chikufunsa zinthu zitatu: umboni wa utsogoleri, chifukwa chosankhira maphunzirowa, ndi zimene udzachite ukamaliza. Ndimeyi yayankha choyamba.

Pali chiganizo chimodzi chimene sindinachilole ngakhale ndikudziwa kuti umachikonda, chakuti ntchito yako "inachepetsa imfa za amayi". Kodi unawerengera? Unandiuza wekha kuti magazi munkangoyerekeza ndi maso, ndipo mabuku a miyezi ya m'mbuyo anali ndi mipata. M'komiti yotere simulephera kukhala dokotala kapena wofufuza, ndipo funso lake loyamba pa intavyu lidzakhala lakuti unadziwa bwanji. Usalembe chimene sungachiteteze. Chosangalatsa n'chakuti kusadziwa kumeneku ndiye chifukwa chako chenicheni chofunira sukulu, ndipo ndi champhamvu kuposa "kukwaniritsa maloto". Ndime yachiwiri yatsopano ndailemba chonchi:

"Chimene sindinathe ndi kusonyeza ngati kusinthaku kunathandiza. Kwa zaka zambiri muyeso wa kutaya magazi kowopsa wakhala mamililita 500 m'maola 24 mayi atabereka, koma ife tinkayeza ndi maso, ndipo maso amachepetsa. Kafukufuku wa E-MOTIVE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania. Anasonyeza kuti kuyeza magazi ndi pulasitiki yokhala ndi miyeso, n'kupereka chithandizo chonse nthawi imodzi, kunachepetsa zotsatira zowopsa ndi 60 peresenti. Nditawerenga ndinazindikira kuti ndimadziwa kuona vuto ndi kusonkhanitsa anthu, koma sindidziwa kukonza kafukufuku kapena kusanthula manambala. Ndikupempha digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu chifukwa cha maphunziro ake awiri, la njira zofufuzira ndi la kukweza chisamaliro m'zipatala."

Maphunziro awiriwo ndawatenga pa ndandanda imene unanditumizira. Mayina ake uwakopere ndendende monga alili pa tsamba la yunivesite, chifukwa a komiti amazindikira msanga munthu amene sanawerenge za kosi imene akupempha. Lipoti la E-MOTIVE nalonso uliwerenge lonse, osati chidule chokha. Ukalitchula m'kalata, wawapatsa chilolezo chokufunsa za ilo.

Kumapeto unalemba kuti udzabwerera "kudzatukula dziko ndi kuthandiza osauka". Mtima wake ndi wabwino, koma lonjezo lalikulu chotere palibe angalikhulupirire kapena kulitsatira. Lonjeza chaching'ono chimene chili m'manja mwako:

"Ndikamaliza ndidzabwerera ku chipatala chomwechi, chimene chavomera kundisungira malo. M'chaka choyamba ndikufuna kuyambitsa kuyeza magazi kwa mayi aliyense wobereka, ndi kuphunzitsa azamba a zipatala zazing'ono zimene zimatitumizira odwala. Ndikufunanso kusonkhanitsa umboni wa kasungidwe ka okisitosini, kuti akuluakulu aone ngati malo opanda firiji yodalirika akufunika kabetosini wopirira kutentha, mankhwala enanso oteteza mayi kutaya magazi, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2018."

Zoti akusungira malo ndalemba chifukwa unandiuza kuti mkulu wa chipatala anavomera. Ngati anangonena pakamwa, pempha kalata sabata ino; ikapanda kutuluka, chiganizocho chichoke.

Zing'onozing'ono: mawu oti "yotchuka" ndi ena otamanda bungweli ndawafafaniza, eni ake akudziwa kale kuti ndi ndani. "Ndikukhulupirira kuti" anabwera kangapo, ndasiya pamodzi pokha. Dzina la sikolashipu pamutu likusiyana ndi la m'ndime yomaliza, zikuoneka kuti linatsalira kuchokera ku kalata ina. Zoterezi zokha zimagwetsa munthu, uziyang'anitsitse. Malire awo ndi mawu 500, ndipo tsopano uli pansi pake, choncho usathamangire kudzaza malo otsalawo ndi za pa sivi zija.

Ndime zimene ndalembazi usazitumize momwe zilili. Ndazilemba kuchokera pa zimene ndikukumbukira, ndipo iwe ndi amene unalipo. Pamene ndaphonya konza, ndipo pamene mawu sakumveka ngati ako uwasinthe, poti pa intavyu adzafuna kumva munthu yemwe analemba kalatayo. Unditumizirenso pofika Lachinayi madzulo kuti ndiionenso tsiku lotseka lisanafike, ndipo uphatikizepo sivi, chifukwa nkhani ya kulabokosi ija iyenera kuonekanso kumeneko mu mzere umodzi.

Ndine mphunzitsi wako,
Mayi Nachisale